Pempho: maapudeti a kompyuta za m'shopu azichitika titatseka

Achimwene a Madalitso,

Mwaswera bwanji? Ine ndili bwino, kaya inu ndi apabanja. Ndasankha kulemba m'malo moyimba foni kuti zomwe tigwirizane zikhale poti tonse tingathe kuziwerenganso.

Nkhani ndi ya Lachitatu lapitali. Cha m'ma 10 koloko m'mawa munalowa mu kompyuta ya pakauntala muli kwanu komweko, kuti muyike pulogalamu yatsopano yogulitsira. Ndikudziwa kuti munkaganiza kuti zitenga mphindi zisanu zokha. Koma itazima n'kuyakanso, inangolemba kuti "Updates are underway. Please keep your computer on." ndipo inakhala choncho mphindi zoposa 40. Nthawi imeneyo n'kuti mzere utafika pakhonde. Agogo ena anachokera ku Chamama pa kabaza, ndalama za matumba awiri a feteleza atazimanga pa nsonga ya chitenje. Anamasula, anawerenga, anayika pakauntala, ife osatha kuwatulutsira lisiti. Anadikira mpaka wakabaza uja anayamba kudandaula za nthawi, ndiye anamanganso ndalama zawo n'kuwoloka msewu kukagula kwina. Mtima unandipweteka kwambiri. Tadala anayesa kulemba m'kope zomwe ena amagula, koma madzulo tinakhala mpaka 8 koloko tikulowetsa chimodzichimodzi, ndipo malata atatu mpaka lero sitikudziwa kuti anapita ndi ndani.

Musandimve molakwa, sindikukana maapudeti. Munandifotokozera bwino chaka chatha kuti ndi amene amatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowerapo, ndipo mu kompyuta imeneyi muli ngongole za makasitomala, mitengo ndi sitoko yonse. Ndikufuna azichitika ndithu. Vuto ndi nthawi yake basi.

Timatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 5:30 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, kenako timawerengera ndalama mpaka 6 koloko. Chonde, m'maola amenewa musaike chilichonse, musazimitse kompyuta, ngakhale kulowamo muli kutali, pokhapokha ine ndakuyimbirani kuti chinachake chafa. Mu Windows muja, pamene pamalembedwa kuti Active hours, mutchere kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 7 koloko usiku pa makina onse awiri, a pakauntala ndi a mu ofesi, kuti asamaziyambitsenso okha tili pakati pa malonda.

Pena ndikuvomera kuti mbali ina ndi yathu. Tikatseka timazimitsa zonse pa soketi poopa kuti magetsi akabwera mwamphamvu angatiwotchere zipangizo, choncho kompyuta ilibe mpata wochita zake usiku, imadikira tiyatse m'mawa. Munanena kuti maapudeti akuluakulu a Windows amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kuno amatipeza usiku wake kapena Lachitatu. Ndiye bwanji tipatule Lamulungu lotsatira, kuyambira 2 koloko masana tikaweruka ku tchalitchi? Ine ndidzabwera ndi makiyi, ndidzayatsa inveta kuti magetsi akathima pakati zisaonongeke, ndipo bandulo ndidzagula ndekha. Zikakhala zachangu zosati n'kudikira Lamulungu, munditumizire uthenga tsiku lisanafike, tidzachite ikakwana 6:30 madzulo.

Masiku ena ndiye musakhudze n'komwe: kuyambira pa 25 mpaka pa 5 mwezi wotsatira, anthu akalandira malipiro, komanso mvula yoyamba ikangogwa. Kuno ku Kasungu mukudziwa nokha mmene alimi amathamangira mbewu ndi feteleza mu Novembala ndi Disembala. Malonda a masabata amenewo ndi amene amalipira lendi ya miyezi yomwe shopu imangokhala zii.

Chinanso chomwe ndikupempha: musanayambe, muzisunga kaye kopi ya sitoko ndi ngongole pa fulashi ija ili m'dirowa ya mu ofesi. Mukamaliza musachoke tisanayese limodzi. Tigulitse kanthu kamodzi, ngakhale paketi ya misomali, tione kuti sikana yawerenga, pulinta yatulutsa lisiti, mtengo ndi VAT zili bwino. Ulendo wa mu Ogasiti uja pulinta inasiya kugwira ntchito pambuyo pa apudeti, ife tinadzazindikira m'mawa kasitomala ali kale patsogolo pathu.

Ndikudziwa kuti Lamulungu ndi tsiku lanu lopuma ndi ana. Ndiuzeni ndalama yomwe mungawonjezere pa ntchito ya maola amenewa pamodzi ndi thiransipoti, tikambirane ndipo tiyilembe mu mgwirizano wathu.

Mundiyankhe pofika Lachisanu ngati Lamulungu likubwerali mungathe, kuti ndimuuze Tadala asapange mapulani ena.

Zikomo kwambiri,
Mayi Nabanda