Kufunsa za ndondomeko yolembera kalaliki wosunga katundu pa depoti ya ku Chipata

Amayi Phiri,

Zikomo kwambiri chifukwa cha uthenga wanu wa Lolemba wondidziwitsa kuti dzina langa lili pakati pa amene asankhidwa pa ntchito ya ukalaliki wosunga katundu ku Chipata. Ndakondwa, ndipo ntchitoyi ndikuifunadi.

Mu uthengawo mwanena kuti pakhala magawo angapo ndipo mundiuza zotsatira posachedwa. Ndikupempha kuti mundimasulireko pang'ono, chifukwa pali zinthu zimene sindingathe kukonza ndisanadziwe masiku.

Magawowo ndi angati, ndipo akutsatana bwanji? Kodi tiyamba ndi kucheza pa foni, kenako intavyu ya pamaso ndi pamaso? Pa ntchito ngati iyi mabwana ambiri amayesanso munthu pa kompyuta, kuti aone ngati amatha kulemba matumba olowa ndi otuluka n'kugwirizanitsa ndi zimene zili pa sikelo. Ngati mayeso otere alipo, ndiuzeni ngati tidzagwiritsa ntchito Excel kapena pulogalamu ina ya kampaniyo, kuti ndikonzekere zoyenera.

Za malo ndiye zikundidetsa nkhawa kwambiri. Pano ndikugwira ntchito ku Katete. Ku Chipata ndingathe kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, kungopempha tsiku limodzi kwa abwana anga. Koma ofesi yanu ili ku Lusaka, ndipo uthengawo sunanene kumene tidzakumane. Ngati ndi ku Lusaka, umenewo ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa basi, kugona komweko, ndi kubwerera tsiku linzake. Ndiyenera kupempha tchuthi nthawi ikadalipo komanso kusunga ya thiransipoti. Mundiuzenso ngati kampani imabweza ndalama za ulendo woterowo, kapena ngati gawolo lingachitike pa Zoom. Netiweki kuno ilibe vuto masana.

Chifukwa chachikulu chimene ndikufunsira masiku ndi ichi. Kontilakiti yanga ya kuno ikutha pa 30 Epulo, ndipo andipempha kuti pofika pa 17 Epulo ndinene ngati ndisayina ina. Ndikasayina, kuchoka kwake kudzafuna notisi ya masiku 30, monga mwa lamulo la ntchito la 2019. Ndikapanda kusayina ndipo kwanu zinthu n'kuchedwa, nditsala m'manja muli gwa, pamene ndili ndi ana a sukulu. Sindikukukakamizani kuti mufulumire chifukwa cha ine. Ndikungofuna kudziwa sabata imene mukuganiza kuti ma intavyu achitike, tsiku limene chigamulo chingatuluke, ndi tsiku limene wolembedwayo akufunika kuyamba ntchito. Ndikuganiza kuti kampani ikufuna munthu msika wa soya ndi nshawa usanatsegulidwe, choncho nthawi ndi yochepa kumbali zonse, makamaka poti pa 28 Epulo ndi pa 1 Meyi ndi masiku a tchuthi. Ngakhale masiku ongoyerekeza andithandiza, ndipo akasintha ndidzamvetsa.

Ndikufunanso kudziwa amene adzagamule. Ndamva kuti inu mukulemba anthu m'malo mwa kampaniyo. Kodi ntchito yanu ikuthera pa kupereka mayina, kapena mudzakhalapo mpaka kumapeto? Nanga mawu omaliza ndi a manijala wa depoti ya ku Chipata, amene ndingamagwire naye ntchito tsiku ndi tsiku, kapena a akuluakulu a ku likulu? Ndikufunsa chifukwa mafunso awo amasiyana. Manijala wa depoti adzafuna kumva mmene ndimachitira matumba akaperewera kapena mbewu ikabwera ndi chinyontho, pamene a ku likulu adzayang'ana kwambiri malipoti ndi mabuku. Ndikadziwa maudindo a amene adzakhale pa intavyu, ndibwera ndi zitsanzo zoyenera. Mayina awo si ofunika ngati simungawatchule pakali pano.

Mapepala ndili nawo: NRC, satifiketi ya Giredi 12, dipuloma, nambala ya NAPSA ndi TPIN. Ngati dipuloma iyenera kutsimikizidwa ndi a ZAQA, ndiuzeni tsopano kuti ndiyambiretu, poti zimenezo sizitheka tsiku limodzi. Pempho langa lina ndi lakuti musalankhule ndi abwana anga a pano musanandidziwitse. Sakudziwa kuti ndafunsira ntchito kwina, ndipo ndikufuna adzamve kwa ine mwini.

Mungandiyankhe pa imelo yomweyi, ngakhale mwachidule. Ngati kuimba foni ndiko kukupepukirani, ndimapezeka pa nthawi ya nkhomaliro kapena ikakwana 17:00, pa nambala imene ili pa kalata yanga yofunsira ntchito. Ndikapanda kumva kanthu pofika Lachisanu, ndidzakuimbirani Lolemba m'mawa, kuti nditsale ndi masiku oganizira za kontilakiti ija.

Ine wanu,
Tisiyenji Mbewe
Katete