Kalata yopepesa chifukwa chochedwetsa madesiki

Mchesi, Lilongwe
Lolemba, pa 7 Seputembala

Kwa Mphunzitsi Wamkulu
Sukulu ya sekondale, Eliya 25

Zikomo Mayi,

KUPEPESA CHIFUKWA CHOLEPHERA KUBWERETSA MADESIKI 120 PA TSIKU LIMENE TINAPANGANA

Tinapangana kuti madesiki 120 okhala ana awiriawiri afika pasukulu panu Lachisanu pa 4 Seputembala. Tsikulo ladutsa osafika ngakhale desiki imodzi, chonsecho theka la ndalama, K5,700,000, munatipatsa kale kumayambiriro kwa Ogasiti. Ndikupepesa kwambiri, Mayi, kwa inu, kwa aphunzitsi anu ndi kwa a komiti ya makolo amene mwayenera kuwayankha chifukwa cha ife.

Chimene chikundichititsa manyazi kuposa kuchedwako n'choti ndinakhala chete. Pofika pa 24 Ogasiti ndinali nditaona kale kuti tsikulo sitilikwanitsa, koma ndinkangoti mwina tithamanga n'kupeza nthawi. Munamva mochita kufunsa nokha Lachisanu masana, achiwiri anu atadikira lole pageti kuyambira m'mawa, anyamata otsitsa katundu atawaitana kale. Ndikanakuuzani nthawi yomweyo, bwenzi mutakonza zina pokadali mpata.

Zimene zinachitika ndi izi. Ndikukufotokozerani kuti mudziwe pamene ntchito ili, osati kuti ndizembe mlandu.

Matabwa a paini amene tinaitanitsa ku Chikangawa anafika mochedwa ndi sabata imodzi, ndipo titawatsitsa tinapeza kuti ambiri ndi aawisi. Thabwa laliwisi limadziwika pongolinyamula, limalemera, ndipo ukalilowetsa m'makina opalira limatulutsa utuchi wonyowa womata m'manja. Ukalikhomera choncho pa desiki, tsiku loperekera limaoneka bwinobwino. Koma pakangotha miyezi iwiri, makamaka ndi dzuwa la Okutobala, limapindika, kung'aluka, mabawuti n'kuyamba kugwedera. Kalipentala wina akanangopaka vanishi n'kukubweretserani, ine ndinakana. Pamenepo sindikudandaula. Pamene ndinalakwitsa m'poti ndinadalira wogulitsa mmodzi, ndiponso sindinatume munthu kukaona matabwawo asanapakiridwe. Tawasanja pamthunzi, timitengo pakatipakati kuti mphepo izidutsa, koma kuuma kwake sikukakamizika.

Vuto lina linali la magetsi. Miyendo ya madesikiwa ndi yachitsulo, yofuna kuwotcherera, ndiye masiku amene magetsi ankazima masana ntchito inkaima. Izi n'zodziwika kwa aliyense wogwira ntchito zamanja mu Lilongwe muno, choncho ndinayenera kuziwerengera popangana nanu tsiku.

Panopa madesiki 40 ndi otheratu, opakidwa vanishi ndipo ndi ouma. Mafelemu achitsulo tawotcherera 95, atsala 25. Loweruka ndinagula matabwa ouma mumzinda momuno okwanira madesiki 80 otsalawo, ndipo ndinachita kusankha ndekha limodzilimodzi. Mtengo wake ndi wokwera kuposa umene tinawerengera, koma ndalama yoonjezerayo ndi ya ife, siikukhudzani. Tabwereka jenereta ya masabata awiri, tawonjezera owotcherera awiri, ndipo tizigwira ntchito mpaka 7 koloko madzulo.

Tibweretsa katatu. Lachitatu pa 9 Seputembala afika 40 otha kalewo, lole idzanyamuka kuno m'mamawa kuti tisakumane ndi mdipiti wa magalimoto m'tauni, ndipo idzayenda maulendo awiri chifukwa imanyamula 20 pa ulendo. Loweruka pa 12 tidzabweretsa 40 ena. Choncho pamene ana azidzalowa m'kalasi Lolemba pa 14, makalasi awiri adzakhala ali ndi madesiki okwanira. Ndikupempha kuti inu musankhe makalasi amene ayambe kulandira, kaya ndi a Fomu 1 obwera kumenewo kapena a Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE.

Otsiriza 40 adzafika Loweruka pa 19 Seputembala. Ndikudziwa kuti mungakonde ndikanati pa 15 kapena pa 16, koma sindifuna kukulonjezaninso tsiku longokusangalatsani. Vanishi timapaka kawiri, ndipo pakati pake pamafunika kudikira kuti yoyamba iume, kenako kukwecha ndi sandipepa. Tikafupikitsa pamenepa, mayunifomu a ana azidzamatirira pa mipando, makolo n'kubwera kwa inu.

Izi zikutanthauza kuti ana 80 adzakhala sabata yoyamba opanda madesiki awo. Kuti asakhale pansi, tikubwerekani mabenchi 16 okhala anthu asanuasanu ndi matebulo aatali 8, amene timabwereketsa pa maukwati ndi misonkhano. Si okongola, ndipo ena ali ndi zipsera, koma ndi olimba, mwana atha kulemberapo. Adzabwera ndi lole ya pa 12, ndipo tidzawatenga tokha pa 19. Simulipira kanthu.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo wonse unali K11,400,000, kutanthauza K95,000 pa desiki. Popeza madesiki onse achedwa, tachotsapo K5 pa K100 iliyonse, zimene zikukwana K570,000. Ndalama yotsala tsopano ndi K5,130,000 m'malo mwa K5,700,000. Mgwirizano wathu unkati mudzamalize kulipira pa 4 Seputembala, koma zimenezo zisiyeni. Mudzalipire mukadzawerenga desiki yomaliza n'kukhutira nayo. Ndipo ngati pa 19 padzadutse tisanamalize, muli ndi ufulu wokana madesiki otsalawo n'kukagula kwina. Zikadzatero mudzangolipira amene mwalandira, pa mtengo wochotserawu.

Lonjezo lathu lokonza ulere desiki iliyonse yothyoka kapena yomasuka mabawuti linali la miyezi 6. Talifikitsa pa chaka chathunthu kuyambira tsiku limene mudzalandire otsiriza. Kumapeto kwa teremu ino ndidzabwera ndi mnyamata mmodzi kudzamanga mabawuti onse, poti desiki yatsopano imayamba yakhazikika ana akaigwiritsa ntchito.

Kuti musamachitenso kutifunafuna, ntchitoyi ndaitenga m'manja mwanga, sindinaisiyire kapitawo. Tsiku lililonse nthawi ya 5 koloko madzulo ndizikutumizirani uthenga pa foni yanu wonena madesiki amene atha tsikulo, pamodzi ndi chithunzi. Chikasokonekera chilichonse, kaya jenereta yafa kapena lole yasowa mafuta, mudzamva kwa ine tsiku lomwelo. Dizilo wa maulendo a pa 9 ndi pa 12 tagula kale. Khomo lathu kuno ku Mchesi ndi lotsekula, mutha kubwera nokha kapena kutuma munthu wa komiti nthawi ina iliyonse, osachita kutiuziratu, adzaone ndi maso ndi kuwerenga yekha. Ngati a komiti akufuna kumva kuchokera pakamwa panga, ndiitaneni ku msonkhano wawo, ndidzabwera kudzayankha ndekha.

Ndikupempha zinthu ziwiri zokha. Mundiyankhe pofika mawa Lachiwiri masana ngati masiku atatuwa akukuyenerani, makamaka a Loweruka, poti pafunika munthu wotsekula makalasi ndi kusainira katundu. Mundiuzenso dzina la amene azilandira madesikiwo, kuti dalaivala adziwe woti akamufunse pageti. Ngati mwagwirizana nazo, sainani kope limodzi la kalata ino, ndidzalitenga Lachitatu pobweretsa madesiki oyamba, ndipo likhale mbali ya mgwirizano wathu.

Pepani kwambiri, Mayi.

Ine wanu,
Mwini malo a ukalipentala ndi zowotcherera
Mchesi, Lilongwe