Pulani ya phunziro la Lachiwiri: kuwongola kona ndi 3-4-5, kalasi ya zomangamanga chaka choyamba

Malo: kuseri kwa wekishopu, pa silabu yakale ija. Nthawi: 7:30 mpaka 11:30. Ophunzira 24, magulu 6 a anthu anayianayi. Aphunzitsi anzanga amene mutenge gulu la masana, tsatirani yomweyi, koma mvula ya kuno ku Zomba mukuidziwa, phiri likangochita mdima kokerani zonse mu shedi.

Cholinga: pofika 11:30 aliyense athe kutulutsa kona ya madigiri 90 ndi tepi ndi chingwe basi, kenako amange mizere itatu ya mabuloko yoima bwino. Sikweya lero ikhale mu sitolo. Kusaiti ambiri mwa awa akapeza sikweya yopindika kapena palibiretu, nde mutu uzolowere.

Gulu lililonse litenge mabuloko 15 a 390 x 190 x 190 mm, tepi, levulo, chingwe, misomali, choko, zipande ziwiri, fosholo ndi ndowa. Wilibala zilipo ziwiri tizibwerekana. Matope ndi a laimu ndi mchenga kuti madzulo tigumule mabuloko agwirenso ntchito, simenti yadula sitingamaseweretse. Koma muwauze kuti pa nyumba yeniyeni ndi ndowa 1 ya simenti ku ndowa 6 za mchenga. Laimu amawotcha manja ndi maso, wopanda magolovesi ndi gambutsi asayandikire, wa masilipasi abwerere ku hositelo.

7:30 mafunso, mphindi 15. Afunseni kuti ndani anaonapo chipinda chomwe matailosi amathera mopendekera kukhoma, mbali ina yonse mbali ina kachidutswa. Onse anaonapo. Vuto limenelo silinayambe ndi wa matailosi, linayamba tsiku loyamba pa kona.

7:45 chionetsero, apa musathamange. Khomani msomali pomwe pakhale kona, kokani chingwe choyamba. Yezani 120 cm, chongani. Chingwe chachiwiri yezani 90 cm, chongani. Tsopano tepi idutse pakati pa machongo awiriwo, iwerenge 150 cm ndendende. Ikapitirira kona yatseguka, ikaperewera yatsekeka, ndipo musuntha chingwe chachiwiri chokha, choyamba chisakhudzidwe. Ine ndimalakwitsa dala koyamba, ndimasiya pa 153 nkufunsa kuti zili bwino? Amayankha eee chifukwa ndi maso zimaoneka bhobho, nde ndimawauza kuti apitirize chingwecho mamita 6 aone mmene chathawira. Auzeninso kuti 90, 120, 150 ndi 3-4-5 yochulukitsa ndi 30, ndipo 60, 80, 100 ndi zomwezo, koma manambala akuluakulu ndi amene amachepetsa kulakwitsa. Tepi ikhale yokoka osati yolendewera, chaka chatha gulu lina linakangana theka la ola kumeneko.

Kenako yalani matope, ikani buloko ya pakona, levulo pamwamba, levulo mmbali zonse ziwiri, gogodani ndi chigwiriro cha chipande pang'onopang'ono. Jointi 10 mm, pafupifupi kunenepa kwa chala chaching'ono. Mzere woyamba mabuloko 6, wachiwiri 5, wachitatu 4, kumapeto kusiye ngati masitepe. Pa mzere wachiwiri buloko ya pakona itembenuke kuti majointi asagundane.

8:30 mpaka 10:45 amange okha. Azisinthana mphindi 30 zilizonse, ndipo ichi ndikuchitsindika: atsikana asasanduke madagaboyi omangokanda matope anyamata atagwira chipande. Mukaona zimenezo imitsani gulu lonse.

10:45 kuyeza. Aliyense payekha, kutsogolo kwa dzina lake mu kaundula mulembe WATHA kapena ABWEREZE pa izi:

1. Wavala zodzitetezera osachita kuuzidwa.
2. Watulutsa 90, 120, 150 yekha, osaphonya kuposa 3 mm.
3. Wafotokoza ndi pakamwa chochita ngati tepi yawerenga 147.
4. Matope ake akukhala pa chipande, sakuyenderera ngati phala komanso sakuyoyoka.
5. Majointi ali pa 10 mm ndipo ndi odzaza, oimirira aja ndi amene amaiwalika.
6. Mizere itatu yakwana 600 mm kutalika.
7. Kadontho ka levulo kali pakati, pamwamba ndi mmbali momwe.
8. Palibe jointi yagundana ndi ya pansi pake.
9. Watsuka zida nkuzibweza zonse, levulo osaiponya mu wilibala.

Wolephera pa nambala 2 kapena nambala 7 ndi ABWEREZE basi olo zina zonse akhoze, abwere Lachinayi 2 koloko. Homuweki: aliyense akayeze kona imodzi ya chipinda chomwe amagona ndi 60, 80, 100, Lachisanu abwere ndi nambala yomwe wapeza, osati yokopera kwa mnzake.