Pempho: nditumizireni deta yanga yonse pamodzi ndi mameseji

Kwa akuluakulu oona za deta ya makasitomala,

Moni mabwana. Ndikulemba pa imelo yomweyi yomwe ndinalembetsera akaunti yanga pa apu yanu, ndiye simuvutika kundipeza. Ndikupempha kope ya deta yonse yomwe mumasunga yokhudza ineyo. Lamulo loteteza deta la Malawi la 2024 limandipatsa ufulu umenewu, komanso gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu.

Chachikulu ndi mameseji. Ine ndimaoda usipa ndi utaka kuno ku Makawa n'kumatumiza kwa amayi ogulitsa ku Limbe, ndiye ngongole zonse timalemberana pa apu yanuyo, wina kuti watenga matumba awiri alipira Lachisanu, wina voisi yoti theka watumiza kale pa foni, basi buku langa linali limenelo. Mu Malichi foni inagwera m'madzi tikutsitsa nsomba m'boti, yatsopanoyi nditalowa machati akale onse mbee. Pano ena ayamba kukana ngongole, pakamwa pokha sindingawine. Chonde nditumizireni mameseji onse kuyambira Januwale 2024 mpaka lero, olemba, mavoisi, zithunzi, ndi a m'magulu omwe, aliwonse ndi tsiku ndi nthawi yake.

Ndikudziwa mwina muyankha kuti mameseji amakhala otsekedwa moti amawerenga ndi wotumiza ndi wolandira okha, pa seva yanu sakhalapo. Ngati ndi choncho mundiuze polemba, osangodumpha funsolo ayi, ndipo mundiuzenso ngati pali bakapu ya akaunti yanga ndi momwe ndingaitsegulire. Ngakhale mawuwo palibe, rekodi yoti ndinalemberana ndi nambala iti tsiku liti, ngati ilipo, nayonso ndikuifuna.

Zinanso ndi izi: dzina ndi nambala zomwe ndinalembetsa, manambala omwe apu inatenga mu foni yanga, magulu omwe ndilimo, mafoni omwe analowapo mu akauntiyi ndi ma IP ake. Mundiuze deta imeneyi mumaigwiritsa ntchito yanji, mwapatsako ndani, imasungidwa dziko liti, mpaka liti.

Mameseji mutumize ngati PDF yoti nditsegule pa foni, zinazo CSV palibe vuto, koma linki isamafe msanga, netiweki kunyanja kuno imachita kusakidwa. Mukafuna kutsimikiza kuti ndine mwini wake tumizani kodi pa nambala yanga. Chiphaso cha unzika sinditumiza pokhapokha munene chifukwa chake. Pakadali pano musafufute kalikonse pa akauntiyi.

Ndidikira yankho lanu kwa masiku 30, akadutsa muli chete ndikadandaula ku MACRA poti ndi omwe amayang'anira lamuloli. Mungondiyankha kaye kuti kalatayi yafika.

Zikomo kwambiri,
Ine Asiyatu
Makawa, Mangochi