Ndondomeko yosankha zizindikiro ndi kulemba momwe ntchito ya kadyedwe ka ana ikuyendera

Kwa oyang'anira madera 6, alangizi a zaumoyo a m'zipatala 4 zomwe tikugwira nazo ntchito, ndi alembi onse olowetsa manambala. Ndondomekoyi yachokera ku gulu lowunika ntchito, ndipo igwiritsidwa ntchito zaka zonse zitatu za pulojekiti m'midzi yathu 36.

Tasankha zizindikiro 7 zokha

Pamsonkhano wokonzekera panatuluka zizindikiro zoposa 30. Tatsala ndi 7. Chilichonse tinachifunsa mafunso atatu: kodi ntchito yathuyi ingachisinthe m'zaka zitatu? Kodi anthu awiri osiyana atayeza padera angapeze yankho limodzi? Nanga nambala ikatuluka yoipa, alipo amene angachitepo kanthu mwezi womwewo? Cholephera funso limodzi chinachotsedwa. Nambala imene palibe woigwiritsa ntchito imangolemetsa anthu odzipereka, ndipo fomu ikatalika amayamba kuidzaza ali kunyumba.

Ambiri anafuna kuti kupinimbira kukhale muyeso waukulu wa pulojekiti. Takana. Mwana amatchedwa wopinimbira msinkhu wake ukatsika kupitirira -2 pa muyeso wa kakulidwe ka ana umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006, ndipo vutoli limayamba mwana ali m'mimba n'kumakula pang'onopang'ono mpaka zaka ziwiri. Limadalira madzi, ukhondo, matenda ndi thanzi la mayi, zinthu zimene maphunziro athu a kadyedwe sangazisinthe zonse. Tidzaliyeza poyamba ndi pomaliza kuti tidziwe momwe derali lilili, koma ntchito yanu sidzaweruzidwa ndi nambala imeneyo.

Zizindikiro za m'kafukufuku wa pachaka

Choyamba ndi ana a miyezi 6 mpaka 23 amene dzulo anadya zakudya za magulu osachepera 5 mwa magulu 8. Tikutsata tanthauzo limene mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa mu 2021. Maguluwo ndi awa: mkaka wa m'mawere; zakudya zochokera ku mbewu za ufa, mizu ndi nthochi zophika; nyemba, mtedza ndi nthangala; mkaka wa ziweto kapena wam'chitini ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka; nyama, nsomba ndi zam'kati; mazira; masamba ndi zipatso zokhala ndi vitamini A wambiri; masamba ndi zipatso zina. Chenjerani ndi mafomu akale otsata malangizo a 2008, amene ankawerenga magulu 4 mwa 7 osaphatikizapo mkaka wa m'mawere. Manambala a mafomu awiriwa sayerekezedwa. Magulu amene mumaphunzitsira amayi pa tchati nawonso si omwewa, choncho wofunsa alembe chakudya chenicheni chimene mayi watchula, ndipo kugawa m'magulu kuchitike pambuyo pake. Kafukufuku woyamba anapeza ana 22 pa 100 alionse; cholinga ndi 40 pofika kumapeto kwa chaka chachitatu.

Kafunsidwe kake nkofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Musafunse kuti "Kodi mwana amadya mazira?" chifukwa mayi amene wangophunzira kumene ubwino wa mazira ayankha kuti inde. Yambani kuti "Amayi, dzulo mwanayu atadzuka, choyamba kulowa m'kamwa mwake chinali chiyani?" kenako muyende naye tsiku lonse mpaka usiku. Akatchula phala, funsani zomwe anathiramo. Ngati dzulo mwana anaswera kwa wina, funsani amene anamudyetsayo.

Chachiwiri ndi ana a miyezi 6 mpaka 23 amene anadya kokwanira dzulo: kawiri kwa woyamwa wa miyezi 6 mpaka 8, katatu kwa woyamwa wa miyezi 9 mpaka 23, ndi kanayi kwa wosayamwa. Kwa wosayamwa yekha timawerengera pamodzi ndi mkaka umene wamwa, bola kamodzi mwa kanayiko kakhale ka chakudya chenicheni.

Chachitatu ndi makanda osakwana miyezi 6 amene dzulo anayamwa mwakathithi. Madzi, ngakhale supuni imodzi, amamuchotsa mwana pagululi. Mankhwala, mavitamini ndi madzi a thanzi oletsa kutha madzi m'thupi samuchotsa. Makanda amsinkhu uwu amapezeka ochepa m'kafukufuku, motero nambalayi imadumphadumpha chaka ndi chaka. Musaisangalalire msanga ikakwera, musataye mtima ikatsika pang'ono.

Kafukufuku aliyense achitike mwezi womwewo umene woyamba anachitika. Mukayeza poyamba chakudya chitasowa m'nyumba, n'kudzayeza pomaliza anthu atangokolola, lipoti lidzaoneka lokongola koma chimene mwayeza ndi nyengo.

Zizindikiro za mwezi ndi mwezi

Chachinayi ndi ana a miyezi 6 mpaka 59 amene ayezedwa mkono mwezi uno, pogawa ndi ana onse amsinkhuwo olembedwa m'kaundula wa mudzi. Cholinga ndi 80 pa 100 alionse. Nambala yogawirayo ichokere m'kaundula amene amakonzedwanso miyezi itatu iliyonse: obadwa alowe, okwanitsa zaka zisanu ndi osamuka atuluke. Mudzi ukapereka 112 pa 100, chidziwikire kuti kaundula watha ntchito kapena ana a midzi yoyandikana awerengedwa nawo.

Yezani mkono wamanzere, pakati penipeni pa nsonga ya phewa ndi kasukusuku, mkono utalendewera momasuka. Tepi ikhudze khungu popanda kulifinya. Lembani nambala yeniyeni ya mamilimita, osati mtundu wokha. Pansi pa 115 ndi kunyentchera kwambiri. Kuyambira 115 mpaka 124 ndi kunyentchera pang'ono. Mwana aliyense apimidwenso kutupikana: dinani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Dzenje likatsala mbali zonse ziwiri, mwanayo atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mkono wake uli waukulu.

Chachisanu ndi ana otumizidwa amene afikadi kuchipatala pasanathe masiku 7. Kalata yotumizira ili ndi zigawo ziwiri za nambala imodzi: china chimatsala kwa wodzipereka, china chimapita ndi mayi. Kumapeto kwa mwezi woyang'anira dera alumikize zigawozo. Chigawo chopanda chinzake ndi mwana woti akamuyendere mawa lake.

Chachisanu ndi chimodzi ndi zotsatira za ana onyentchera kwambiri amene atuluka m'chithandizo. Tikutsata miyeso ya Sphere, imene mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya mavuto amagwiritsa ntchito padziko lonse: ochira aposere 75 pa 100, omwalira asafike 10, osiya chithandizo asafike 15. Apa ndi pomwe alembi amaphonya kawirikawiri, chifukwa amagawa ndi ana onse olembedwa m'malo mogawa ndi otuluka okha. Tiyerekeze kuti m'kaundula muli ana 80, ndipo m'miyezi itatu atuluka 50: ochira 36, omwalira 2, osiya 9, osachira ngakhale alandira chithandizo chonse 3. Ochira ndi 36 mwa 50, kutanthauza 72 pa 100, ndipo osiya ndi 18 pa 100. Zonse ziwiri zalephera muyeso, ndipo gwero lake ndi limodzi, ana 9 aja. Ana 30 amene akadali pachithandizo sawerengedwa, chimodzimodzinso osamutsidwira kuchipatala china. M'pulojekiti ino mwana alembedwa kuti wasiya akajomba maulendo atatu otsatizana, koma wodzipereka ayambe wafika pakhomo. Ena mwa amene timawalemba kuti asiya amakhala atamwalira kunyumba, ndipo nambala ya imfa imaoneka yochepa chifukwa palibe anakafunsa.

Chachisanu ndi chiwiri ndi ana a miyezi 6 mpaka 59 amene alandira vitamini A m'miyezi 6 yapitayi. Umboni wake ndi zolembedwa m'buku la kusikelo la mwana. Mawu a mayi alembedwe mumzere wapadera.

Kuchuluka kwa maphunziro ndi misonkhano tidzakulemba m'lipoti la ntchito, koma sikuli pamndandandawu. Kumangoonetsa kuti tinatanganidwa.

Miyeso ya sikelo ndi bolodi pa kafukufuku

Sikelo iyesedwe m'mawa uliwonse ndi chinthu chodziwika kulemera kwake, ndipo kulemera kwa mwana kulembedwe mpaka pa 0.1 ya kilogalamu. Mwana wosakwana zaka ziwiri ayezedwe chogona, wamkulu chiimirire, anthu oyeza akhale awiri. Ngati mwasintha kayezedweka chifukwa mwana wavuta, lembani pafomu, pakuti kuyeza chogona kumatalikitsa ndi masentimita 0.7 ndipo pulogalamu ya pakompyuta ya WHO Anthro imakonza yokha mukaiuza. Tsiku lobadwa likoperedwe m'buku la mwana. Zaka zongoganizira zimaunjikana pa miyezi 12, 24 ndi 36, ndipo zimasokoneza nambala ya kupinimbira kuposa bolodi lopindika. Woyang'anira aziona manambala omalizira madzulo aliwonse: ngati miyeso yambiri ya gulu lina ikuthera pa 0 kapena 5, gululo likungoyerekeza, ndipo libwereze maphunziro lisanapitirize.

Kulemba momwe tikuyandikirira cholinga

Wodzipereka apereke fomu yake kwa mlangizi pofika pa 2 mwezi wotsatira, woyang'anira dera atumize zophatikiza pofika pa 5, mlembi alowetse pofika pa 10. Bokosi lopanda kanthu ndi ziro si zofanana. Ziro amatanthauza kuti anayeza osapeza aliyense. Ngati lipoti silinabwere, bokosi lisiyidwe, ndipo mudziwo uchotsedwenso pa nambala yogawira ya mweziwo. Nthawi zonse lembani nambala ziwiri zimene zabala peresenti, monga 36 mwa 50, kuti wowerenga adziwe kukula kwa gululo.

Patebulo lolondolera, chizindikiro chilichonse chili ndi mzere wake. Danga B ndi pomwe tinayambira, C ndi cholinga, D ndi pomwe tafika, ndipo E limaonetsa gawo la ulendo limene tayenda:

```
=(D2-B2)/(C2-B2)*100
```

Ngati pakati pa pulojekiti ana odya magulu 5 afika 31, ndiye kuti takwera ndi 9 mwa 18 amene timafuna, theka la ulendo. Kugawa 31 ndi 40 n'kulengeza 78 pa 100 nkudzinamiza, chifukwa 22 aja tinawapeza alipo kale. Masamuwa amagwiranso pa zizindikiro zoyenera kutsika, monga osiya chithandizo. Kumbukiraninso kuti kafukufuku wa ana 400 osankhidwa m'magulu a midzi amatha kuphonya ndi 4 mpaka 6 mbali iliyonse, motero kuchoka pa 22 kufika pa 25 sitikutcha kusintha.

Miyezi itatu iliyonse woyang'anira asankhe midzi iwiri mwamaere, awerengenso kaundula, ayerekeze ndi lipoti lotumizidwa. Kusiyana kukaposa 10 pa 100, lipoti likonzedwe podula mzere umodzi pa nambala yakale kuti iziwerengekabe, n'kusainira pambali ndi tsiku. Pamsonkhano wa miyezi itatuwo, chizindikiro chilichonse chotsalira chituluke ndi zinthu zitatu zolembedwa: chifukwa chimene tapeza, dzina la wochitapo kanthu, ndi tsiku lomalizira. Tanthauzo la chizindikiro kapena cholinga chake sichisinthidwa kudera. Ngati pakufunika kutero, lemberani gulu lowunika ntchito, ndipo likavomereza, nambala yakale ndi yatsopano zidzaonetsedwa pamodzi m'malipoti onse otsala.