Mnzanga, Lachisanu ndikubwera

Mnzanga, amayi ako andiimbira dzulo madzulo, andiuza zonse. Ndinafuna kukuimbira pompo, koma akuti foni sukuyankha, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndangoti ndilembe, uwerenge nthawi imene wafuna.

Pepa kwambiri. Ukwati woti walengezedwa kale kawiri kutchalitchi, makhadi a pa 18 Okutobala agawidwa mpaka ku Monkey Bay ndi ku Makanjira, deresi yatsala kungopinda m'munsi, lero n'kumva kuti uyambe waima, n'zowawa. Ulire ndithu. Wina asakuuze kuti ukulira ngati mwana pamene odwala ndi ena. Ungathe kuwamvera chisoni apongozi ako amene agonekedwa ku Queens, n'kumaliranso tsiku lako, palibe cholakwika.

Zoti kuona maso a nkhono n'kudekha ndikhulupirira wauzidwa kale mpaka makutu kuwawa, ine sindibwereza. Sindikuuzanso kuti Disembala lino zitheka. Matenda a sitiroko sapangana ndi munthu, ena amadzuka msanga, ena amatenga miyezi akuphunziranso kuyenda ndi kuyankhula. Ndalama za ukwati zapita ku mayendedwe a ku Blantyre ndi kusamalira odwala, ndiye mvula nayo ili pafupi, aliyense maso akhala pa feteleza. Mwina zidzafika mpaka anthu atakolola. Bola ukonzekeretu mtima kusiyana ndi kumakusunthira tsiku mwezi ndi mwezi.

Koma pali chimene ndikufuna uchione bwino. Alamu sanakutumizire uthenga wa pafoni n'kuzimitsa. Amayi akuti anachoka kuchipatala m'mamawa, kukwera minibasi ulendo wonse uja wodzera ku Zomba ndi ku Liwonde, kudzatenga ankhoswe awo, n'kukhala pamphasa pakhonde panu kufotokoza pamaso pa amalume ako. Akuti polankhula mawu ankachita kunjenjemera, kapu ya thobwa imene anapatsidwa inangokhala pansi osaikhudza. Iwe ndi ine tawaona amuna kuno ku Mangochi amene zinthu zikavuta amangolowera ku Joni, mkazi n'kumamva kwa anthu. Awa anabwera okha kudzakuyang'ana m'maso. Za mawa sindingalumbire m'malo mwa munthu, koma mwamuna amene sanasiye bambo ake pabedi kuti akavine perekaniperekani, ine ndamuwonjezera ulemu.

Anthu ayankhula, umawadziwa. Kumsika ena ayamba kale kulumikiza nkhani zawo, ati mwina kwapezeka mkazi wina, ati mwina makolo akana. Suli ndi ngongole yofotokozera aliyense. Ukafunsidwa uzingoti, "Kuli matenda, ankhoswe adzalengeza," n'kudutsa. Ntchito ya ankhoswe ndi imeneyo, usawalande.

Tsono za katundu usazisenze wekha. Nkhuku 60 zija zakwana kale masabata asanu, zikangopitirira zizingodya ndalama. Ndalankhula ndi mayi wina wa lesitilanti kuno ku Namwera, akuti atenga 20, zotsalazo tikayesa malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Mpunga sutivuta, tiusunga pouma, pamwamba pa matabwa, tizingouyang'anira anankafumbwe. Ku holo ndipita ndi mlongo wako tikapemphe kuti K150,000 munaperekayo aisunge mpaka tsiku lina m'malo moti ipse. Akhoza kukana kapena kudulako, koma kupempha sikulipitsa. Gulu la komiti pa WhatsApp ndiyankha ndine, iwe ungolitseka pakamwa. Chitenje cha yunifolomu changa ndasoketsa kale ndipo ndachiika pansi pa sutikesi, ndingoyesetsa kuchepetsa mandasi kuti chidzandikwanebe.

China ndi ichi, ndipo undimvere ngati mkulu wako. Alamu pano ali pakati pa moto, atopa, akugona pansi kuchipatala. Masiku ena ayankha mwachidule, ena sayankha n'komwe. Usafulumire kuganiza kuti chikondi chazilala. Komanso usameze zonse. Ngati zikukupweteka uwauze, ndipo zinthu zikadzakhazikika pang'ono uli ndi ufulu wofunsa kuti tsono tikulowera kuti. Kudikira kwabwino n'koti nonse awiri mukudziwa chimene mukudikira. Mwinanso mudzaona kuti kudalitsa ukwati kutchalitchi ndi anthu ochepa, madyerero n'kudzachita pambuyo, n'kotheka. Koma zimenezo ndi za inu awiri ndi ankhoswe, ndipo si za sabata ino.

Ndikukupempherera, pamodzi ndi apongozi akowo. Sindinena kuti ndikudziwa chifukwa chimene Mulungu walolera izi. Ndikungopempha kuti awachiritse, iwe akupatse tulo ndi chilakolako cha chakudya, poti amayi akuti nsima ukungoitsina.

Lachisanu ndikaweruka ndikwera minibasi, ndikangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi ndidzakuimbira. Ndigona konko mpaka Lamulungu, ndipo pa 18 pomwepo ndidzabweranso, usadzakhale wekha tsiku limenelo. Ukafuna tidzacheze, tidzacheza. Ukafuna kungogona, ine ndidzakhala kukhitchini ndi amayi. Ndibweretsa mbatata ndi nthochi za kuno, chambo ukagule ndiwe kapena utume mwana.

Ukawerenga ungondifulasha, ndidziwe kuti wauona.

Ndine mnzako wa ku Namwera.