Inshuwalansi ya mbewu yotsata muyezo wa mvula: zolemba za phunziro la sabata yachisanu ndi chinayi, ophunzira a chaka chachitatu a zachuma cha ulimi

Sabata yatha tinaona chifukwa chake makampani a inshuwalansi amathawa mlimi wa maekala awiri. Kuti amulipire, ayenera kutuma munthu kukaona mundawo, ndipo mafuta a galimoto ndi alawansi ya munthuyo nthawi zina zimaposa mtengo wa chimanga chimene chawonongeka. Tinaonanso mavuto ena awiri. Mlimi wodziwa kuti adzalipidwa mbewu ikalephera angathe kufooka pa kupalira ndi kubandira. Ndipo amene amathamangira kugula inshuwalansi yotere ndi omwe akudziwa kale kuti minda yawo ndi yoguga. Inshuwalansi yotsata muyezo wa mvula inabwera kudzathetsa zitatuzi nthawi imodzi, ndipo inazithetsadi. Koma inabweretsa vuto lakelake, lomwe litidyere nthawi yambiri lero.

Pa inshuwalansi imeneyi palibe amene amapita kumunda. Kampani ndi mlimi amagwirizana pa nambala imodzi yomwe onse awiri sangaisinthe, yotchedwa indekisi. Kawirikawiri imakhala mamilimita a mvula imene yagwa pa siteshoni ya nthambi yoona zanyengo, kapena imene setilaiti yayerekeza pa dera lonse. Nambalayo ikatsika kupyola pamene anagwirizana, aliyense amene anagula amalandira ndalama, kaya wakolola kaya sanakolole. Gwirani mfundo iyi, chifukwa pa mayeso ambiri amaiphonya: chimene chaikidwa pa inshuwalansi ndi nambala ya mvula, osati munda.

Tiyeni tipange mgwirizano wathuwathu, ndi manambala ongophunzirira. Tikuteteza chimanga pa masiku 40 a nthawi yomasula ngaiyaye ndi kubereka, pamene ng'amba ya masabata awiri okha imatha kupha zokolola. Ndalama yoikidwa pa inshuwalansi, S, ndi K300,000. Kulipira kumayamba mvula ikachepera T, yomwe ndi mamilimita 160. Ikatsika kufika pa E, mamilimita 60, mlimi amalandira yonse. R ndi mvula imene yayezedwa.

```
k = S / (T - E)
malipiro = min(S, max(0, (T - R) * k))
```

Apa k ndi K3,000 pa milimita iliyonse yoperewera. Siteshoni ikawerenga 120, aperewera 40, mlimi alandira K120,000. Ikawerenga 161 salandira kalikonse, ngakhale chimanga chake chitapinda masamba n'kuuma chili chiimire. Migwirizano yeniyeni imagawa nyengo m'magawo, monga kumera ndi kukula, maluwa, ndi kukhwima, ndipo mvula imawerengedwa pa masiku khumikhumi. Imaikanso malire pa mvula ya masiku khumiwo, kuti chimvula cha tsiku limodzi chomwe chinangothamangira kumtsinje chisabise ng'amba yomwe inatsatira.

Mtengo wake, pulimiyamu, timaupeza poyang'ana m'mbuyo. Tengani mvula ya zaka 20 za siteshoniyo, muwerengere kuti mgwirizanowu ukanalipira zingati chaka chilichonse. Tinene kuti zaka 16 sukanalipira, ndipo zaka zinayi ukanalipira K60,000, K120,000, K120,000 ndi K300,000. Zonse pamodzi ndi K600,000, kugawa ndi 20 ndi K30,000 pachaka, kapena 10 peresenti ya S. Umenewo ndi mtengo wopanda phindu. Pamwamba pake kampani imaonjezera zolipira ogulitsa, phindu lake, ndi zolipira makampani akuluakulu akunja omwe amaisenzera chiopsezo, popeza chilala chikabwera chimagwira alimi onse nthawi imodzi. Ikaonjezera 40 peresenti, mlimi alipira K42,000. Zaka 20 n'zochepa kwambiri kuti tidziwe kuti chilala chachikulu chimabwera kangati, ndiye kampani imadziteteza pokweza mtengo. Kusowa kwa ziwerengero zabwino za mvula kumathera m'thumba la mlimi.

Tsopano tifike pa besisi risiki. Ichi ndi chiopsezo choti zimene indekisi yanena zisiyane ndi zimene zachitika m'munda. Chimadula mbali ziwiri: mlimi angalandire ndalama nkhokwe ili yodzaza, kapena angataye mbewu yonse osalandira ngakhale tambala. Mbali yoyamba palibe amadandaula nayo. Yachiwiri ndi imene yaphetsa mapulojekiti ambiri.

Gwero lodziwika ndi mtunda. Inu nomwe mwaonapo mvula ikugwa yamphamvu pano pa Bunda, kufika pa Mitundu n'kupeza fumbi lili kobo. Mvula ya Disembala ndi Januwale imagwa mwamagawomagawo, ndipo choyezera chimodzi chimangodziwa madontho amene agwera m'kamwa mwake. Setilaiti imathandiza kumene kulibe siteshoni, koma siigwira madzi m'manja. Imayerekeza mvula poona, mwa zina, kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, n'kupereka nambala imodzi ya dera la makilomita angapo.

Gwero lina ndi nthawi. Mgwirizano ukuganiza kuti aliyense anadzala ndi mvula yoyamba. Mayi wina anachedwa masabata atatu chifukwa anali pa ganyu wopezera ndalama ya mbewu, ndiye chimanga chake chikumasula pamene masiku 40 aja atha kale. Palinso dothi: mamilimita 120 pa dothi la mchenga si ofanana ndi 120 pa katondo wosunga chinyezi kapena m'mphepete mwa dambo. Ndipo pali zonse zimene indekisi ya chilala siiona n'komwe: ntchemberezandonda, kaufiti, matalala, fetereza wofika mochedwa, madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Chaka cha madzi osefukira, indekisi ya chilala imati zonse zili bwino.

Tiike manambala. Munda wa mlimi wathu umapereka K500,000 chaka chabwino ndi K200,000 chaka choipa. Popanda inshuwalansi, pansi penipeni pamene angafike ndi K200,000. Akagula, chaka n'kuipa, indekisi n'kulipira yonse, atsala ndi K458,000. Koma chaka chikaipa indekisi osalipira, atsala ndi K158,000. Inshuwalansi yatsitsa pansi pake penipeni. Daniel Clarke anaonetsa m'nkhani yake ya 2016 kuti pa chifukwa chimenechi munthu woopa kwambiri chiopsezo, amene mabuku athu amati ndiye woyamba kugula inshuwalansi, angathe kukana inshuwalansi ya indekisi, ndipo kukanako n'kwanzeru. Choncho mukadzamva wina pamsonkhano akunena kuti alimi sagula chifukwa cha umbuli, mudzamufunse kaye kuti mwa zaka zimene alimi anataya mbewu, indekisi yake ikanalipira zingati. Kwa ine funso limeneli ndi lofunika kuposa nambala ya koreleshoni imene malipoti amakonda kuonetsa. Koreleshoni ingathe kukwera chifukwa cha zaka zabwino, pamene mlimi akufuna kudziwa za zaka zoipa zokha.

Malawi ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Afirika kuyesa zimenezi. Mu 2005, Banki Yaikulu Padziko Lonse, NASFAM, bungwe la makampani a inshuwalansi m'dziko muno, ndi obwereketsa awiri, OIBM ndi MRFC, anagulitsa inshuwalansi yomangidwa pa ngongole ya mbewu ya mtedza kwa alimi 892 a m'chigawo chapakati. Analola alimi okhawo okhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa siteshoni, monga ya Chitedze, Kasungu ndi Nkhotakota. Ndalama zikatuluka zinkapita kukabweza ngongoleyo ku banki. Chaka chotsatira Xavier Giné ndi Dean Yang anachita kafukufuku ndi alimi pafupifupi 800: ena anawapatsa mwayi wa ngongole yokhayokha, ena ngongole yokhala ndi inshuwalansi. Ngongole yokhayokha anaitenga 33 peresenti, ndipo ya inshuwalansi anaitenga ochepera ndi mapointi 13. Ofufuzawo anati mwina alimi ankadziwa kuti chaka cha chilala wobwereketsa alibe choti angawalande, ndiye anali ndi chitetezo china kale, pulimiyamu n'kungokhala ngati chiwongoladzanja chokwera.

Musaganize kuti vutoli ndi la alimi ang'onoang'ono okha. Pa nyengo ya 2015/16 boma linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la mgwirizano wa maiko a mu Afirika, pa mtengo wa madola pafupifupi 4.7 miliyoni. Kunabwera El Niño. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo kauniuni anapeza kuti anthu 6.5 miliyoni afunika thandizo la chakudya. Pulogalamu ya pakompyuta ya bungwelo, Africa RiskView, inaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa kwambiri moti palibe cholipira. Atafufuza anapeza kuti m'pulogalamumo munaikidwa chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140, pamene alimi ambiri anali atasamukira ku mbewu zocha msanga, za masiku pafupifupi 90. Atakonza, madola 8.1 miliyoni anafika mu Januwale 2017, miyezi yambiri njala itakhazikika kale. Vuto silinali mtunda wa siteshoni. Nambala imodzi yokha, imene mlangizi aliyense wa m'dera akanaikonza atafunsidwa, inachedwetsa ndalama yomwe ubwino wake wonse unali kufika msanga. Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa ntchito yoika manambala oterewa ndi imene ena a inu mudzalembedwe.

Besisi risiki siithetseka, koma imachepetseka. Kuchulukitsa masiteshoni ndi kuphatikiza setilaiti kumathandiza pa mtunda. Indekisi ya zokolola za dera, pomwe amadula ndi kuyeza mbewu m'minda yosankhidwa mwachisawawa, imagwira tizirombo ndi madzi osefukira, ngakhale ndi yokwera mtengo ndipo imachedwa. Migwirizano ina imalola alimi kupempha kuti minda iyenderedwe ngati indekisi yakana kulipira koma dera lonse likulira. Pulogalamu ya R4 ya WFP, yomwe m'dziko muno inayambira ku Balaka, inaphatikiza inshuwalansi ndi banki m'khonde komanso ntchito zosamalira nthaka, kuti mavuto ang'onoang'ono asamadikire indekisi. Maganizo anga ndi akuti wogula woyenera nthawi zambiri ndi kopaletivi, banki, kapena kampani yogula mbewu. Alimi 2,000 akakhala pansi pa mgwirizano umodzi, kusiyana kwa munda ndi munda kumafafanizana, ndipo gululo lingathe kugawa ndalamayo motsata amene wavutikadi, popeza limawadziwa. Izi zimafuna gulu lokhulupirika pa ndalama, ndipo tidzakambirana zimenezo pa phunziro la makopaletivi.

Ntchito yoti mubweretse Lachisanu, aliyense payekha. Mvula ya masiku 40 aja pa zaka khumi inali 210, 175, 90, 240, 150, 185, 55, 165, 200 ndi 130. Mlimi anataya mbewu m'chaka chachitatu, chachisanu ndi chiwiri, chachisanu ndi chitatu ndi chachisanu ndi chinayi. Pezani malipiro a chaka chilichonse, pulimiyamu yopanda phindu, ndi gawo la zaka zoipa zimene sanalandire kanthu. Kenako kwezani T kufika pa 170, S ndi E zikhale chimodzimodzi, muwerengerenso zonse, ndipo mulembe ndime imodzi yonena ngati mungamulangize mlimiyo kugula mgwirizano woyamba, wachiwiri, kapena kusagula konse.